Mwambi ukakutsekerani njira pakati pa nkhani

Vuto ili limabwera chaka ndi chaka, kuyambira ku Sitandade 8 mpaka ku Fomu 4. Wophunzira amawerenga nkhani yonse bwinobwino, mafunso ofuna mayina, malo ndi nthawi amawakhoza, koma akafika pa funso loti "Kodi mawu awa akutanthauza chiyani malinga ndi nkhaniyi?" amalemba zimene maso ake aona. Nkhani ikati agogo adatsamira mkono, iye amayankha kuti agogowo adagona opanda pilo, pamene nkhaniyo ikunena za maliro.

Ambiri amaganiza kuti mankhwala ake n'kuloweza miyambi ndi zining'a zambirimbiri. Kuloweza kumathandiza, sindikukana, koma sikuchiza vutoli. Alipo ana odziwa miyambi yochuluka pamtima amene amalakwabe mafunso amenewa, chifukwa mwambi ukalowa m'nkhani umakhala ndi mwini wake. Pali amene waunena, pali amene akuuzidwa, ndipo pali chimene changochitika kumene. Tanthauzo limene likufunidwa limachokera pa zinthu zitatu zimenezi. Tiyeni tigwiritse ntchito kankhani kamodzi kuti tione pamene zinthu zimasokonekera.

"Chaka chimenecho mnyamatayo adakolola matumba 12 a soya. Asanapite nawo kumsika wa Mitundu, kudabwera bambo wina wochokera m'tauni amene adalonjeza mtengo wokwera, koma adati ndalama adzapereka akakagulitsa katunduyo. Madzulo ake amalume ake a mnyamatayo adamuitanira kuseri kwa nkhokwe n'kumutsina khutu. 'Mphwanga, chikomekome cha mkuyu,' adatero. Mnyamatayo adangoseka, ndipo m'mawa mwake adakweza matumba onse pagalimoto ya mlendoyo. Padapita mwezi wathunthu foni ya bamboyo isakupezeka. Apa m'pamene adazindikira kuti amugwiritsa fuwa la moto. Adapita kwa amalume ake aja kukagwira mwendo. Adawapeza ali pakhonde, kamdzukulu kawo kophunzira kuyenda katawagwira mwendo wakumanzere. Amalumewo sadapse mtima. 'Madzi akatayika saoleka,' adatero. 'Mawa tilawirire kwa amfumu.'"

Simukudziwa n'komwe kuti apa pali chining'a

Ili ndiye vuto loyamba, ndipo ndi limene limabala mayankho ngati a pilo aja. Munthu sangamasulire chinthu chimene sadachizindikire.

Njira yodalirika kwambiri n'kufunsa kuti: chinthu chimene chatchulidwachi chilipodi m'nkhani muno? Nkhani yathu ili ndi soya, nkhokwe, galimoto, foni ndi khonde. Zonsezi zili ndi ntchito yake, ndipo mutati mujambule chithunzi cha nkhaniyi mungazijambule. Nanga mkuyu uli pati? Palibe amene wakhala pansi pa mkuyu kapena kuthyola nkhuyu. Fuwa latulukira kuti, popeza palibe amene akuphika? Madzi atayikawo adali m'chiyani, adawatunga ndani? Mkuyu, fuwa ndi madzi zangotulukira kamodzi, sizidatchulidwe kumbuyo ndipo sizitchulidwanso kutsogolo. Chinthu chikalowa m'nkhani mwanjira imeneyi, dziwani kuti chabwera kudzaimira china.

Funso lachiwiri n'lakuti: zikadachitikadi momwe mawuwa akunenera, anthu a m'nkhaniyi akadatani? Mnyamata wamkulu, wolima yekha munda wake, atatsinidwadi khutu ndi zala akadadabwa kapena kukwiya. Koma chotsatira m'nkhaniyi ndi mawu a amalume, kenako iye akuseka. Akadagwiradi mwala wotentha wapamoto, chiganizo chotsatira chikadanena za matuza m'manja. M'malo mwake akupita kwa amalume ake. Pamene zotsatira sizikugwirizana ndi zimene mawu anena, mawuwo ndi okuluwika.

Miyambi ilinso ndi kamangidwe kake kamene khutu limazolowera. Yambiri imakhala ndi "-ka-" wa zimene zimachitika nthawi zonse: madzi akatayika, mbuzi ikakondwa, ukaipa. Ina imakana: susenza denga, sichiswa nsabwe, saoleka. Ina imasimba za kale za nyama kapena za munthu wa dzina lopeka kuchokera ku khalidwe lake, monga Safunsa amene adadya phula, kapena tsokonombwe amene adatha mtunda n'kudumpha. Nthawi zambiri wolemba amakuthandizaninso ndi timawu monga "paja", "pajatu", "akuluakulu adati". Zining'a zilibe chizindikiro chotere. Zimabisala m'kati mwa chiganizo ngati mneni wamba, n'chifukwa chake ndi zimene zimapha ambiri kuposa miyambi.

Tsopano mukuona zining'a paliponse

Wophunzira akachenjezedwa kawiri katatu, amagwera mbali ina. Amayamba kukayikira mawu aliwonse, mpaka kumasulira zinthu zosafuna kumasulira.

M'nkhani yathu mawu oti kugwira mwendo abwera kawiri motsatizana, ndipo ndawaika dala. Koyamba, mnyamata akupita kwa amalume ake "kukagwira mwendo". Iye wanyozera malangizo, zamuvuta, ndiye akupita kukapepesa ndi kupempha thandizo modzichepetsa. Kachiwiri, kamdzukulu "katawagwira mwendo wakumanzere". Apa palibe kupepesa kulikonse. Mwana wophunzira kuyenda amagwiradi miyendo ya akuluakulu kuti asagwe.

Chimene chikusiyanitsa ndi mawu oti "wakumanzere". Chining'a chimakhala chouma, sichilola kuchikongoletsa. Simunganene kuti munthu adapepesa pogwira mwendo wakumanzere, kapena kuti adamuchenjeza pomutsina makutu onse awiri mpaka kufiira, kapena kuti adamunamiza pomugwiritsa mafuwa atatu. Mukangoona kuti chiwalo kapena chinthu chija chapatsidwa nambala, mbali, mtundu kapena kukula kwake, mwina chasinthidwa kukhala chambiri, kawirikawiri ndiye kuti wolemba akunena chinthu chenichenicho. Onjezani apo funso loti wochitayo ndani. Khanda silipepesa. Mayi amene wanyamula beseni pambuyo potsuka mbale akati akukataya madzi, akukatayadi madzi. Mlendo amene wakhala pamphasa nthawi yayitali akanyamuka n'kunena mawu omwewo, akupita kukakodza, ndipo wasankha mawu aulemu.

Mwambi waduka pakati

Amalume aja adangoti "chikomekome cha mkuyu" n'kulekera pomwepo. Umu ndi mmene anthu amayankhulira. Mwambi wodziwika sautchula wonse, amasiya womvera amalize yekha mumtima. Tsoka lake n'lakuti mbali imene yasiyidwayo ndi imene imanyamula uthenga. Wophunzira amene sadziwa kuti mwambiwu umapitirira kuti "m'kati muli nyerere" amaona mawu oti chikomekome okha, ndiye amalemba kuti amalume akuyamikira mtengo wabwino umene mlendo walonjeza. Yankho latembenuka kwathunthu.

Ngati mbali yosowayo simukuidziwa, nkhani ikhoza kukupulumutsani. Onani kumene mawuwa anenedwera: kuseri kwa nkhokwe, madzulo, anthu awiri okha. Munthu woyamikira sabisala. Onaninso zimene mnyamata adachita: "adangoseka". Ka "-ngo-" kameneka kakusonyeza kuti pamayenera kuchitika china chachikulu, koma iye adapeputsa. Ndipo mapeto a nkhani akuonetsa kuti malondawo adali oipa. Zitatuzi zikuloza kumodzi, kuti mawu a amalume adali chenjezo. Ngakhale musadamvepo za nyerere, mungathe kufika pa yankho loti amalume ankakayikira lonjezolo.

Chithunzi cha mwambiwu chimathandiza amene adakulira kumene kuli mikuyu. Nkhuyu yakupsa imaoneka yofiirira bwino kunja, koma mukaing'amba nthawi zambiri mumapeza tizilombo m'kati. Mwana wokulira ku Ndirande kapena ku Kawale mwina sadang'ambepo nkhuyu, mwinanso kwawo amaphikira pambaula, choncho mafuwa atatu ochirikiza mphika sawadziwa bwino. Aphunzitsi ndi makolo asamafulumire kunena kuti mwana wotere ndi wouma mutu. Chimene akusowa ndi chithunzi. Muuzeni kuti fuwa ndi mwala umene umakhala pamoto tsiku lonse, ndipo ngakhale moto utazima limaoneka ngati mwala wamba koma likadali lotentha. Akamva zimenezi, saiwalanso kuti kugwiritsa munthu fuwa la moto ndi kumupusitsa, kumukhulupiriritsa chinthu chimene pambuyo pake chimupweteka.

Mwaloweza tanthauzo koma mwalephera funso

Apa ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa ndi pamene ana akhama amatayira malikisi.

Tengani mwambi womaliza uja, "Madzi akatayika saoleka." M'kope la wophunzira mwalembedwa kuti chinthu chikawonongeka sichibwereranso mwakale. Tanthauzo limeneli n'loona. Funso likangoti perekani tanthauzo la mwambiwu, yankho ndi lomwelo. Koma funso likati "Kodi amalume ankatanthauza chiyani ponena mawuwa?", kapena likakhala ndi mawu oti "malinga ndi nkhaniyi", tanthauzo la m'kope lija ndi theka chabe. Wofunsa akufuna kuona ngati mungathe kuloza madziwo m'nkhani.

Chitani motere. Lembani pambali zinthu zimene zili m'mwambi, kenako pezani mnzake wa chilichonse m'nkhani. Madzi ndi matumba a soya aja, kapena tinene phindu la chaka chonse. Kutayika ndi kuwapereka kwa munthu wosamudziwa popanda kulandira ndalama. Kusaoleka ndi kuti zimene zachitikazo sizingasinthidwe. Mukalumikiza zitatuzi mupeza yankho lonena za mnyamata ndi soya wake, lopanda mawu oti madzi.

Komabe simudamalize. Mwambi womwewu ungagwire ntchito zosiyana malinga ndi nthawi imene wanenedwa. Amalume akadaunena kuseri kwa nkhokwe kuja, matumba asanakwere galimoto, ukadakhala chenjezo loti ganiza bwino chifukwa ukapereka sudzabwezanso. Akadaunena mokalipa, atatembenukira kumbali, ukadakhala chidzudzulo choti wazifuna wekha, usandivutitse. Koma taonani ziganizo ziwiri zimene zauzungulira. Kumbuyo kwake akuti "sadapse mtima". Kutsogolo kwake akuti "Mawa tilawirire kwa amfumu." Munthu amene sadakwiye, amenenso akukonza zoperekeza mphwake kukadandaula, sakudzudzula ndipo sakunena kuti nkhaniyo ingosiyidwa. Akumukhazika mtima pansi. Yankho lokwanira lingakhale lakuti: amalume ankamuuza mnyamatayo kuti asapitirize kudandaula kapena kudziimba mlandu chifukwa kupereka soya kuja kudachitika kale, chofunika tsopano n'kuona chochita.

Wophunzira amene angalembe kuti amalume ankatanthauza kuti soyayo aiwalike basi, wawerenga mwambi koma sadawerenge chiganizo chotsatira. Chizolowezi chofunika kuchiphunzira n'choti mwambi usamawerengedwe wokha. Bwererani chiganizo chimodzi kapena ziwiri kumbuyo, pitani chimodzi kapena ziwiri kutsogolo, ndipo muone nkhope ya wonenayo ngati wolemba waionetsa. Ubale nawo umanena zambiri. Pakati pa Achewa, malume ndi mwini mbumba, ndipo mavuto a ana a mlongo wake amafika kwa iye. N'chifukwa chake akuti "tilawirire" osati "ulawirire". Mlanduwo wautenga kukhala wakenso.

Yankho lanu lakhala mwambi wina

Ena akafunsidwa tanthauzo la "chikomekome cha mkuyu" amayankha ndi mwambi unzake wofanana nawo, kapena amamasulira chining'a ndi chining'a china, monga kunena kuti kutsamira mkono ndi kutsikira kulichete. Izi zimasonyeza kuti munthuyo wamva, koma sadamasulire. Wangosuntha mfundo kuchoka m'thumba lina kupita m'thumba lina osaitulutsa poyera. Pokhapokha funso litapempha mwambi wofanana nawo, yankho likhale m'mawu wamba amene mwana wa Sitandade 3 angamve: adamwalira.

Pali njira yachidule yoyesera yankho la chining'a. Chotsani chining'acho m'chiganizo, ikanipo yankho lanu, muwerenge chiganizo chonse. "Adamuitanira kuseri kwa nkhokwe n'kumuchenjeza mwachinsinsi." Chikumveka. "Apa m'pamene adazindikira kuti amupusitsa." Chikumveka. "Adapita kwa amalume ake aja kukapepesa." Chikumvekanso. Koma wina akalemba kuti kutsina khutu ndi "chenjezo", chiganizo chimathyoka, chifukwa pamalo pa mneni waikapo dzina. Sungani nthawi ya mneni, sungani wochita ndi wochitiridwa. Samalaninso ndi kukana. M'nkhani muli "sadapse mtima", ndiye yankho ndi "sadakwiye". Ambiri amalemba "adakwiya" chifukwa maso awo athamangira ku chining'a n'kudumpha "sa-" woyambirira.

Kuyesa kumeneku kumagwiranso vuto lina, la zining'a zofanana maonekedwe. Kupsa mtima ndi kukwiya, kutaya mtima ndi kusowa chiyembekezo, kuuma mtima ndi kusowa chifundo. Kuuma mutu ndi kusagwira msanga zophunzira, pamene kuuma khosi ndi kusamva zonena anthu. Munthu wofulumira amangogwira liwu limodzi, mtima kapena kuuma, n'kutola tanthauzo la chining'a choyandikana nacho. Mukaliika yankholo m'chiganizo, lolakwika limaonekera lokha, chifukwa silikhala bwino ndi zimene munthu wa m'nkhaniyo akuchita.

Chithunzi chakusocheretsani

Nthawi zina mwazindikira kuti ndi mwambi, simudautenge momwe ulili, komabe mwauphonya chifukwa chithunzi chake chakupatsani maganizo olakwika. Chitsanzo chabwino ndi "Mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa." Munthu wa masiku ano akamva za chinthu chakuthwa m'manja mwa mlendo amaganiza za ngozi, makamaka akangomaliza kuwerenga nkhani ngati ya soya ija. Koma kalumo ndi chida chothandiza, chometera. Mwambiwu umanena kuti munthu wochokera kwina akhoza kubwera ndi nzeru yothetsa vuto limene eni mudzi lawakanika, choncho asanyozedwe. M'nkhani mudzaupeza pamene mlendo wapereka maganizo, ena akufuna kumutsekereza, ndiye wina akumuikira kumbuyo. Mukaona kuti wonena mwambiwu ali kumbali ya mlendoyo, tanthauzo la ngozi lagwa kale.

"Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi" umasocheretsa mwanjira yotembenuka. Mawu ake ndi okoma, kukondwa ndi malonda, koma kwa mbuzi kubwera kwa amalonda ndi mapeto ake. Umanenedwa kwa munthu amene wasangalala mopyola muyeso osadziwa kuti tsoka layandikira. Pofufuza chithunzi cha mwambi, dzifunseni kuti nkhaniyi ikuonedwa ndi maso a yani, a mbuzi kapena a mwini mbuzi.

Mwambi umene simudaumvepo

Tsiku lina mudzakumana nawo, ngakhale mutaloweza yochuluka bwanji. Musasiye mpata wopanda kanthu. Tiyerekeze kuti nkhani ikusimba za anyamata amene ankaweta ng'ombe, adatanganidwa ndi mpira, ng'ombe zija n'kulowa m'dimba la munthu. Mwini dimba wakasuma, ndipo pabwalo amfumu agamula kuti bambo a anyamatawo alipire. Potuluka, mkulu wina akupukusa mutu n'kunena kuti, "Nkhuyu zodya ana zidapota akulu."

Yambani ndi kumvetsa chithunzicho pachokha, ngati kankhani kakang'ono. Ana adya nkhuyu, koma amene m'mimba mwawapota ndi akuluakulu. Pali chachilendo apa, chifukwa wodya ndi amene amayenera kumva kupweteka. Chachilendo chimenecho ndiye mtima wa mwambiwo: wochita ndi wina, wovutika ndi wina. Kenako fufuzani m'nkhani ngati muli anthu awiri otere. Alipo. Anyamata adalekerera ng'ombe, bambo awo ndi amene akulipira. Kudya nkhuyu ndi kusewera mpira kuja, kokoma pa nthawi yake. Kupota ndi chindapusa. Yankho latuluka popanda kutsegula buku: zolakwa za ana zimagwera makolo awo, monga momwe bamboyu akulipirira dimba limene iye sadaliwononge.

Onani kuti mkuyu wabweranso, koma sukunenanso za chinthu chokoma kunja choipa m'kati. Chinthu chimodzi chikhoza kuimira mfundo zosiyana m'miyambi yosiyana, choncho musanyamule tanthauzo la nkhuyu kuchokera m'mwambi wina n'kulibweretsa muno.

Njira yolumikiza chinthu ndi chinzake ili ndi malire ake. Imayenda bwino pa miyambi chifukwa mwambi umakhala ndi mbali ziwiri kapena zitatu zoti muzigwirizanitse. Pa zining'a zina siithandiza konse. Mawu oti "kusamba chokweza" kapena "kuona msana wa njira" simungawang'ambe liwu ndi liwu n'kupeza kuti loyamba likunena za kuchita mwano kwa akuluakulu, lachiwiri za kunyamuka kapena kuchotsedwa pamalo. Zikatero siyani mawuwo, phimbani chining'acho ndi chala, muwerenge ndime yonse ngati pali mpata woti mudzazemo. Nkhani ikati mtsikana adayankha agogo ake ataimirira, manja ali m'chiuno, ndipo anthu onse adati mwanayu wasamba chokweza, mpatawo ungadzazidwe ndi mawu ochepa okha: wachita mwano, wasowa ulemu. Lembani limodzi mwa amenewa, muliyese m'chiganizo, mupitirire ku funso lina.

Pokonzekera kunyumba kapena m'kalasi, m'malo molemba mndandanda wa miyambi ndi matanthauzo ake, tengani mwambi umodzi muupangire tinkhani tiwiri ta mizere inayi kapena isanu, kena mwambiwo ukhale chenjezo, kena ukhale chitonthozo kapena chidzudzulo. "Walira mvula walira matope" ndi woyambira wabwino. Mayi angaunene kwa mwana wake amene akuumirira kukakhala m'tauni asananyamuke, ndipo angaunenenso patapita miyezi itatu mwanayo akuimba foni kudandaula za lendi. Funsani ophunzira kuti alembe zimene mayiyo akutanthauza pa nthawi iliyonse, ndipo mayankho awiriwo asafanane.